Fupa lakale kapena mwala chabe? Momwe mungadziwire poyang'ana chithunzi

Mvula ikagwa yamphamvu, madzi n'kugumula magombe a mitsinje ndi kukumba zigwembe m'minda, miyala imene inabisika zaka zambiri imatulukira poyera. Ndi nyengo imeneyi pamene zithunzi zimayamba kuyenda pa mafoni. Wina watola mwala wobulungira, akuti ndi dzira la dainaso. Wina waswa thanthwe pokumba maziko a nyumba, wapezamo kamtengo kakuda kojambulika bwinobwino, akuti ndi tsamba lamakedzana.

Mlamu wanga nayenso ananditumizira chithunzi chotere chaka chatha, ndipo pansi pake analemba kuti, "Alamu, taonani dzira ili. Kodi tipite nalo kuti?" Sindinamuseke, chifukwa funso lake ndi lomveka. Dziko lathu lili nawodi mafupa a madainaso, ndipo amene amaona zinthu zotere koyamba nthawi zambiri ndi alimi, abusa a ng'ombe ndi okumba miyala. Vuto ndi loti nthaka imadziwa kuumba zinthu zofanana ndi zamoyo popanda chamoyo chilichonse kukhudzidwapo. Maso athunso amafulumira kuona nkhope pa mtambo kapena nyama pa chitsa.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: maonekedwe a kunja kwa mwala ndi amene amanamiza kwambiri. Chimene chimaulula zoona ndi kamangidwe kake, makamaka pamene pathyoka, komanso mtundu wa mwala umene chinthucho chagonamo.

Kodi fosilo n'chiyani?

Fosilo ndi chotsalira cha chamoyo chakalekale chimene chasungika m'nthaka kapena m'mwala. Likhoza kukhala fupa, dzino, chigoba cha nkhono, thunthu la mtengo, chidindo cha tsamba, ngakhale phazi limene nyama inaponda m'matope. Akatswiri ambiri amayamba kutchula chinthu kuti fosilo chikapitirira zaka 10,000.

Kuti fupa lisungike, liyenera kukwiririka msanga ndi mchenga kapena matope, afisi ndi dzuwa zisanalimalize. Likakhala pansipo, madzi a m'nthaka amalowa m'timabowo take, ndipo madziwo amanyamula mchere wa m'miyala umene umatsalira m'timabowomo n'kuuma. Nthawi zina mcherewo umalowanso m'malo mwa fupa lenilenilo pang'onopang'ono. Zili ngati munthu amene akuchotsa njerwa zosaotcha pa nyumba yake imodziimodzi, n'kumaikapo zootcha. Akamaliza, njerwa zonse ndi zatsopano, koma zipinda, zitseko ndi mazenera zili pomwe zinali.

N'chifukwa chake fupa losanduka mwala limasungabe kamangidwe ka fupa, mtengo umasungabe kamangidwe ka mtengo. Mwala wamba ukhoza kutengera mpangidwe wa fupa kunja, koma zipinda za m'kati zija sungazitengere.

Yambani ndi mwala umene wazungulira chinthucho

Ndikalandira chithunzi, ndimayamba kuyang'ana m'mbali, osati pakati pamene wojambula akufuna ndione. Mafosilo amapezeka pafupifupi nthawi zonse m'miyala imene inapangika kuchokera ku mchenga, matope kapena laimu zimene madzi anayala. Miyala yotere imaoneka yosanjikizana ngati mikeka, ndipo mukaiyandikira mumaona timchenga togwirana kapena dongo louma lolimba.

Gawo lalikulu la Malawi si lotere. Pansi pa Lilongwe, Dedza, Kasungu ndi madera ambiri pali miyala yakale kwambiri imene inaphikidwa ndi kufinyidwa pansi penipeni pa dziko. Mapiri a Mulanje ndi Zomba nawo ndi mwala umene unali wosungunuka ngati phala, n'kuzizira pansi pa nthaka. Fupa kapena tsamba silingapulumuke moto wotere. Choncho ngati pa chithunzi mwalawo uli ndi timibulu tolowanalowana, toyera, tofiirira ndi takuda, tina tonyezimira, monga mmene umaonekera mwala wa kukwale wothira mu konkire, dziwani kuti mwayi woti muli fosilo ndi wochepa zedi, ngakhale mpangidwe wake ukhale wokopa chotani.

Malo amene ali ndi miyala yosunga mafosilo amadziwika. Ku Karonga, cha ku Mwakasyunguti, kuli miyala yamchenga yofiirira ya zaka zoposa 100 miliyoni. Kumeneko n'kumene kunachokera mafupa a dainaso amene katswiri wa miyala Frank Dixey anatola m'zaka za m'ma 1920, amene katswiri wina, Sidney Haughton, anawafotokoza mu 1928, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina loti Malawisaurus. Ku Chiweta m'boma la Rumphi kuli miyala yakale kuposa pamenepo, ya zaka zoposa 250 miliyoni, yokhala ndi zigaza za nyama zimene zinalipo madainaso asanabwere. Ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Miyala ya mtundu wa ku Chiweta iliponso kumunsi kwa Shire cha ku Lengwe ndi Mwabvi, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, ndi ku Tete ku Mozambique. Chithunzi chochokera ku malo amenewa ndimachiyang'ana kawiri. Ichi n'chifukwa chake funso loyamba la katswiri aliyense limakhala lakuti, "Mwachitola kuti?"

Dzira la alamu anga

Tiyeni tibwerere ku chithunzi chija. Chinali cha mwala wobulungira, waukulu ngati papaya laling'ono, wotuwa mofiirira, uli pa mpando wa pakhonde. Pamwamba pake panali ming'alu yogawa mwalawo m'tizigawo ta ngodya zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo m'ming'alumo munadzaza zinthu zoyera. Kunena zoona, unkaoneka ngati dzira limene latsala pang'ono kuswa.

Ndinamupempha zinthu ziwiri: aike bokosi la machesi pambali pake kuti ndidziwe kukula kwake, ndipo ajambule pafupi penipeni mbali imene panabenthuka. Zithunzi zitabwera, ndinafufuza chinthu chimodzi chokha, chigoba.

Dzira lililonse lolimba, la nkhuku kapena la dainaso, lili ndi chigoba, ndipo chigoba chili ndi khalidwe lake. Ndi chopyapyala, kukhuthala kwake ndi kofanana kuzungulira dzira lonse, ndipo chimasiyana moonekeratu ndi zimene zili m'kati. Mazira a madainaso a khosi lalitali, a banja limodzi ndi Malawisaurus, anapezeka ambirimbiri ku Auca Mahuevo ku Argentina mu 1997. Kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 13 mpaka 15, ndipo chigoba chake ndi cha milimita imodzi kapena ziwiri basi, chokhala ndi timatuza ting'onoting'ono pamwamba ponse. Dzira lotere likakwiririka, kulemera kwa dothi kumaliphwanya, ndiye mumaona tizidutswa ta chigoba tina titakwerana, tina titalowa m'kati, monga zimachitikira mukaponda chigoba cha dzira lowiritsa. M'kati mwake mumakhala dothi lomwelo limene lili kunja.

Pa mwala wa mlamu wanga panalibe chigoba. Pobenthuka paja panaonetsa kuti mwalawo ndi umodzimodzi kuchokera kunja kulowa m'kati. Kunja kunali kodera pang'ono, koma mtunduwo unkazilala pang'onopang'ono, popanda malire akuthwa. Ming'alu ija sinathere pamwamba ayi, inalowa m'kati, ndipo inkakula polowa m'katimo. Ming'alu ya chigoba cha dzira singatero, chifukwa chigobacho chimatha pakangopita mamilimita awiri.

Chimene anatola chimatchedwa konkirishoni. Ndi mbulu wa mwala umene umapangika m'kati mwa matope kapena mchenga, pamene mchere wa m'madzi a pansi uyamba kugwirana pa malo amodzi n'kumakula mbali zonse mofanana. Aliyense amene anaphikapo phala amadziwa mmene mibulu imapangikira: ufa umagwirana pa malo amodzi, phala lonse likadali lamadzi. Mbulu wa mwala umalimba kuposa dothi louzungulira, ndiye madzi akakokolola dothilo umatsala wokha, wobulungira. Mibulu ina imang'ambika m'kati ikadali yofewa, ngati mmene dongo la kudambo limang'ambikira mu Okutobala, kenako ming'aluyo imadzaza ndi laimu woyera kapena wachikasu. Yotereyi anthu amaitchanso chigoba cha kamba. Kusiyana kwake n'koti zigawo za pa msana wa kamba zili ndi dongosolo: mzere umodzi pakati, ndipo za kumanja zimafanana ndi za kumanzere. Zigawo za pa mbulu zilibe mbali yofanana ndi inzake.

Palinso mazira ena abodza amene ndi osavuta kuwazindikira. Nsangalabwi ya mumtsinje imasalala chifukwa chogubuduzika, ndipo ilibe chigoba ngakhale pang'ono. Mwala wakuda wolimba umene umapezeka m'minda yambiri umavunda kuchokera kunja, n'kumasendeka magawomagawo ngati anyezi, ndipo pa chithunzi magawowo amaoneka ngati chigoba. Koma taonani: ndi ambiri, lina pansi pa linzake, lina lokhuthala lina lopyapyala, a mtundu wa dzimbiri. Dzira lili ndi chigoba chimodzi.

Komabe ndinamuuza mlamu wanga kuti asautaye mwalawo, ndipo asauswe ndi hamala. Mibulu yambiri imayamba kugwirana pozungulira chinthu chimene chinkaola, ndiye ina imakhala ndi fupa kapena chigoba pakati pake. Zigaza zambiri za m'chigwa cha Luangwa zimapezeka zitakutidwa m'mibulu yotere. Chizindikiro chake pa chithunzi ndi kachidutswa ka fupa kapena dzino kosuzumira kunja, kosiyana mtundu ndi mbuluwo. Pa wake sitinapezepo chilichonse chotero, koma kuyang'anako kunali koyenera.

Kamtengo kakuda pa thanthwe

Chonamiza chachiwiri ndi chokongola kwambiri, moti ine ndimachikonda ngakhale ndikudziwa kuti si chomera. Mukaswa mwala motsata mng'alu wake, nthawi zina mumapeza chithunzi chakuda cha kamtengo ka nthambi zambirimbiri, ngati munthu wachita kujambula ndi cholembera chosongoka. Dzina lake ndi dendiraiti. Madzi okhala ndi mchere wa manganizi, kapena wa chitsulo, amalowa mu mng'alu wopyapyala, ndipo mcherewo umauma ukufalikira mwa nthambinthambi, monga inki imayendera pa nsalu yonyowa.

Kuti musiyanitse, ganizani za tsamba la bwemba. Lili ndi mtsempha umodzi pakati, timasamba take timatuluka tiwiritiwiri, kena kumanja kena kumanzere, tofanana kukula, ndipo kalikonse kali ndi malire ake omveka. Tsamba limene lasungika m'mwala limasunga dongosolo lomweli. Mumaona m'mphepete mwake, mtsempha wapakati, ndi timitsempha tating'ono totuluka mwa ndondomeko.

Dendiraiti alibe tsamba ngakhale limodzi. Nthambi imabala nthambi, imeneyonso imabala zina zocheperapo, mpaka zimathera mu timizere tosaoneka bwino. Palibe nthambi ziwiri zofanana. Kawirikawiri timitengoti timamera tambiri mondondozana kuchokera m'mphepete mwa mng'alu, tonse kuloza m'kati, ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndi tafulati ngati utoto, topanda kukhuthala kulikonse. Ndipo timapezeka paliponse pamene pali mng'alu, ngakhale pa mwala wa kukwale umene sungasunge chomera.

Masamba enieni a m'mwala tili nawo. M'miyala yoyandikana ndi malasha, monga ya ku Rumphi kumene kuli mgodi wa Mchenga kapena ya ku Moatize ku Tete, mumapezeka masamba a mtengo wotchedwa Glossopteris. Dzinali limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza lilime, ndipo tsambalo limaonekadi ngati lilime: lalitali, losagawikana, mtsempha wokhuthala pakati, timitsempha tolukana ngati ukonde m'mbali. Masambawa amagona chafulati motsata kusanjikizana kwa mwala, ambiri atakwerana ngati zinyalala za pansi pa mtengo wa mango, ena othyoka, ena opindika. Kusokonekera kotere, kwa zinthu zofanana zimene zagwa mwachisawawa, ndi chizindikiro chabwino.

Fupa: yang'anani pamene pathyoka

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ku Karonga ndi ku Chiweta chimene munthu angakumane nacho kwambiri ndi fupa, ndipo kawirikawiri silikhala lathunthu. Chimakhala chidutswa chonga chala kapena chikhatho, chogona pa chigwembe pakati pa miyala ina mazanamazana.

Njira yabwino yophunzirira ndi kupita kubutchala. Tengani fupa la mwendo wa ng'ombe limene aliduladula, muliphike, mulitsuke, muliyanike, kenako muliyang'anitsitse. Kunja kuli khoma lolimba, losalala, ndipo mukaliyang'ana pa dzuwa muona timizere tating'ono totsata utali wa fupalo, ndi timabowo tochepa tolowera mitsempha ya magazi. Chakumapeto, pafupi ndi mfundo, m'kati mwake muli ngati chinkhupule: timitanda topyapyala tolukanalukana, mipata yake yolumikizana. Magawo awiriwa, khoma lolimba kunja ndi chinkhupule m'kati, ndiwo siginecha ya fupa. Fupa la zaka 100 miliyoni limakhala nawobe. Mipata ya chinkhupule ija imangodzaza ndi mchere wa mtundu wina, ndiye pothyoka pamaoneka timadontho kapena ukonde wa mitundu iwiri, monga woyera pa chofiirira.

Ndiye pa chithunzi funani pothyoka, mufunse mafunso awa. Kodi pali khoma la kunja losiyana ndi m'kati? Kodi timabowo tili m'kati mokha, kapena tili paliponse? Kodi timizere ta kunja tikuloza mbali imodzi? Ngati pali mapeto osathyoka, kodi ndi osalala mwadongosolo, ngati pamene fupa limakumana ndi linzake? Mafupa a msana wa madainaso a khosi lalitali ali ndi chinthu china chapadera: m'kati mwake munali zipinda za mpweya, monga zilili m'mafupa a mbalame, ndiye pothyoka pamaoneka mipata ikuluikulu yolekanitsidwa ndi makoma opyapyala a fupa.

Miyala ya mabowo ndiyo imasokoneza anthu pano. Woyamba ndi lubwe, mwala wofiira wa dzimbiri uja timathira m'misewu. Mabowo ake ndi okhotakhota ngati njira za chiswe, osafanana kukula, ndipo alipo kunja ndi m'kati momwe, popanda khoma losalala. Wachiwiri ndi zotsalira za m'ng'anjo. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'madera ambiri, ndipo ng'anjo zawo zina zikadalipo, monga za ku Kasungu. Zotsalira zake ndi zakuda, zolemera, pena zonyezimira ngati galasi, pena zooneka ngati phula limene linayenderera n'kuuma. Wachitatu ndi mwala wa chiphalaphala cha m'mapiri ophulika. Pa ziwiri zomalizazi mabowo anapangidwa ndi thovu la mpweya, ndiye ndi obulungira, lililonse lili palokha, lina lalikulu lina laling'ono, ngati mabowo a m'kati mwa buledi. Chinkhupule cha fupa si mabowo obooledwa mu chinthu cholimba. Ndi timitanda tolukana tokhala ndi mipata pakati. Mukagwira kusiyana kumeneku, mwathana ndi zithunzi zambiri.

Mano ndi osavuta. Dzino lili ndi chikuto chonyezimira cholimba kwambiri, chimene chimathera pa mzere woonekera pamene muzu wayambira, ndipo muzuwo sunyezimira. Chifukwa cha kulimba kwake, mano amasungika kuposa mafupa, moti zambiri zimene zatoledwa m'miyala ya ku Uraha ndi Malema, ku Karonga, ndi mano a agwape, nguluwe, mvuu ndi njovu zamakedzana. Mwala wosongoka ngati dzino koma wa mtundu umodzi ndi khungu limodzi kuyambira kunsonga mpaka kutsinde ndi mwala basi.

Pali msampha wina. Chinthu chikhoza kukhala fupa lenileni koma la ng'ombe imene inafa zaka zisanu zapitazo. Chithunzi chimathandiza pang'ono: fupa laposachedwa limakhala loyera kapena lotuwa, limasendeka timakoko chifukwa cha dzuwa, ndipo mipata ya chinkhupule chake ili pululu kapena muli dothi loti mukhoza kulikolokosa ndi kamtengo. Fupa lakale kawirikawiri limakhala ndi mchenga womatirira umene walimba ngati simenti, ndipo likathyoka limaduka mwa ngodya ngati mbale yadothi. Mtundu wokha si umboni, chifukwa fupa likagona m'matope akuda limada m'zaka zochepa, pamene mafosilo ena ndi oyera.

Mtengo wosanduka mwala, ndi nkhono

Mitengo yosanduka mwala imapezeka ku Chirundu ku Zambia, kumene malo ake ndi otetezedwa ndi boma, m'chigwa cha Luangwa, komanso ku Tete. Pa chithunzi imadziwika ndi zinthu zomwezo zimene kalipentala amaona pa thabwa: mizere yowongoka yotsata utali, mfundo pamene panali nthambi, ndi mizere yozungulira poduka. Thunthu lake limakonda kuduka mopingasa, zidutswa n'kugona mondondozana ngati munthu wachita kucheka ndi sowo.

Chimene chimafanana ndi mitengoyi ndi mwala wa mizeremizere wopezeka pafupifupi paliponse m'Malawi, uja wa mizere yoyera ndi yakuda. Kusiyana kwake n'koti mizere yake ndi ya timibulu toonekera ndi maso, ina yonyezimira, ndipo imapindika ndi kukhota ngati nsalu yofinyidwa. Mukautembenuza kuti muone poduka, simupeza mizere yozungulira pakati pamodzi.

Pa nkhono, chizindikiro ndi kukula mwadongosolo. Chigoba chimazungulira chikukula pang'onopang'ono kuchokera ku nsonga, ndipo mizere yake imatalikirana mwa muyeso. Mizere ya dzimbiri yozungulira imene madzi amasiya mu mwala wamchenga imaoneka ngati yomweyo poyamba, koma iliyonse ndi mkombero wotsekeka pawokha, siyenda ngati chingwe chokulungidwa, ndipo ndi mtundu chabe wopanda chigoba.

Lamulo limene likugwira ntchito pa zonsezi ndi limodzi. Chamoyo chimakula motsata dongosolo, ndiye chimasiya zinthu zobwerezabwereza mofanana, monga nthiti, mfundo za msana kapena timitsempha, ndipo mbali ya kumanja imayankha ya kumanzere. Mwala umene ukufanana ndi mutu wa nyama mukauyang'ana mbali imodzi yokha, koma mukautembenuza kufananako n'kutha, unasemedwa ndi madzi ndi mphepo. Chenjeraninso ndi chilichonse chooneka ngati nyama yonse ndi mnofu wake, mtima, chala kapena nkhope ya maso ndi milomo. Zofewa zotere zimaola msanga, ndipo kusungika kwake ndi kwa apo ndi apo kwambiri.

Zimene chithunzi sichinganene

Chithunzi sichikuuzani kulemera, ndipo kulemera ndi umboni waukulu: fupa lodzaza mchere limalemera kuposa fupa la dzulo la msinkhu womwewo. Sichikuuzaninso kulimba. Foni nayo imasalaza zinthu ikamajambula pa mdima, n'kufufuta timizere tomwe tikufuna tione. Choncho yankho loona la pa chithunzi nthawi zambiri limakhala "ayi, uwu ndi mbulu" kapena "mwina, tiyeni tichione ndi manja". Kunena kuti "inde, ndi fupa la nyama yakuti" kumafuna kuchigwira ndi kuchiyerekeza ndi mafupa ena.

Anthu ena amayesa ndi lilime, poti fupa limamata pang'ono chifukwa cha timabowo take. Njirayi sindiidalira. Dongo louma nalonso limamata, ndipo fupa limene ladzaza mchere kotheratu silimata. Ena amathira viniga n'kuona thovu. Thovulo limangosonyeza kuti pali laimu, amene amapezeka m'chigoba cha nkhono ndi mu mbulu wamba momwe.

Kujambula koti katswiri athe kuyankha

Chithunzi choyamba chikhale cha chinthucho chili pomwe mwachipeza, musanachisunthe, chikuonetsa dothi kapena thanthwe lochizungulira. Mlamu wanga anajambula mwala wake uli pa mpando, ndiye theka la umboni linatsala kumtsinje. Ikani pambali pake chinthu chodziwika kukula, rula ngati ilipo, apo ayi bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa likuwomba cham'mbali, chifukwa mithunzi ing'onoing'ono ndiyo imatulutsa timizere. Dzuwa la pamutu ndi kuwala kwa foni zimafafaniza zonse. Tengani mbali zosachepera zinayi, ndipo chimodzi chikhale cha pafupi penipeni pamene panathyoka kale. Musathyole dala. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa, osakwecha ndi waya kapena kupaka vanishi.

Ngati mafupa ali ambiri pamodzi, kapena fupalo likulowa m'thanthwe, lisiyeni pomwepo. Mmene mafupa agonera, ndi gawo la mwala limene ali, ndi zimene zimauza akatswiri zaka zake ndi mmene nyamayo inafera. Fupa lakale limathanso kuyoyoka likangozulidwa, n'chifukwa chake ofukula amayamba alikuta ndi nsalu zonyika mu pulasitala asanalinyamule. Lembani malowo bwino, dzina la mudzi, mtsinje ndi chizindikiro chapafupi, kenako dziwitsani a mfumu ndi a Dipatimenti yoona za malo osungirako zinthu zakale, imene lamulo linaipatsa udindo woteteza zinthu zotere. Kuzigulitsa kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu.

Amene ali pafupi ndi Karonga ali ndi mwayi wophunzitsa maso awo pa zenizeni. Nyumba yosungirako zinthu zakale ya kumeneko, imene inatsegulidwa mu 2004, ili ndi chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus ataimikidwa, pamodzi ndi mafupa ndi mano otoledwa m'bomalo. Mukapitako, musathere nthawi yonse pa chinyama chachikulucho. Weramirani pa tizidutswa tating'ono ta m'magalasi, mufune pamene pathyoka, muone khoma la kunja ndi chinkhupule cha m'kati, chifukwa zimene mudzakumane nazo pa chigwembe zidzakhala za msinkhu umenewo.